Katuni yatha, koma mudikire sabata ina

Kalata yovuta kulemba kwa anthu opanga makatuni a pa kompyuta ndi youza kasitomala kuti ntchito yatha koma sailandira Lachisanu. Zidole zayendetsedwa, mawu ajambulidwa, bwana anavomereza zonse. Chatsala ndi kurenda, ntchito yomwe kompyuta imawerengera kuwala, mithunzi ndi kunyezimira pa chithunzi chilichonse. Makompyuta ambiri olumikizidwa pamodzi kuti agawane zithunzizo ndiwo amatchedwa famu ya renda. Filimu ya Toy Story ya mu 1995 inadutsa pa makompyuta 117 otere.

Kalata yongopepesa siithandiza. Yabwino imaonetsa masamu poyera. Tiyerekeze kuti ndi katuni yotsatsa malonda ya mphindi imodzi, yoonetsa galimoto ikuyenda usiku mu mvula. Sekondi iliyonse imadya zithunzi 24, choncho zonse pamodzi ndi 1,440. Poyesa, chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi 30, ndipo makompyuta 20 akanamaliza m'maola 36.

Vuto linaoneka zithunzi zitalumikizidwa. Pa magalasi ndi pa msewu wonyowa panali timadontho tothwanima ngati mchenga, tosuntha pa chithunzi chilichonse. Pulogalamu monga Cycles ya mu Blender imapeza mtundu wa kadontho kalikonse poponya miyezo yambiri ya kuwala, yotchedwa masampulo, n'kutenga pakatikati pake. Malo amdima okhala ndi nyali zing'onozing'ono amafuna miyezo yochuluka. Chowawa n'chakuti kuti mchenga uja uchepe ndi theka, masampulo amayenera kuchuluka kanayi, mwachitsanzo kuchoka pa 256 kufika pa 1,024. Nthawi nayo imakwera pafupifupi kanayi.

Apa ndi pomwe kalata iyenera kulankhula mosabisa: "Bwana, chithunzi chimodzi tsopano chikutenga maola awiri. Zonse zifuna maola 2,880, ndipo tikagawira makompyuta athu 20 akhala masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri tibwereza zithunzi zomwe zalephereka, tilumikize zonse ndi mawu, kenako tikutumizireni."

Kasitomala wochenjera amafunsa ngati palibe njira yachidule. Ilipo pulogalamu yosalaza timadontho, koma masampulo akachepa imafufuta madontho a mvula pamodzi ndi mchenga, ndipo imasalaza chithunzi chilichonse mosiyana pang'ono, moti katuni ikamayenda msewu umaphethira. Kubwereka makompyuta ena 20 kungadule masikuwo pakati, koma eni ake amalipiritsa pa ola. Kalata itchule mtengowo kuti mwini ndalama asankhe yekha.

Ndime yomaliza ndiyo ambiri amaopa kulemba, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yofunika zedi: "Chonde bwana, onani chitsanzo chosasalala chomwe tatumiza lero ndipo mutiuze zosintha zonse pofika mawa masana. Mukasintha mtundu wa galimoto makina atayamba, zithunzi zonse zomwe galimotoyo ikuonekamo tidzazirenda kachiwiri."