Sailensa Imachepetsa Kulira kwa Mfuti, Koma Siitseka Pakamwa

Amene amakonda mafilimu a nkhondo ndi aukazitape anaonapo munthu akupotokolera kachitsulo konga paipi kunsonga kwa mfuti, kenako n'kuwombera popanda aliyense m'chipinda choyandikana kumva kanthu. Zimenezi n'za m'filimu basi. Mfuti yeniyeni yovekedwa sailensa imalirabe kwambiri, moti nthawi zambiri ingathe kuwononga makutu a wowomberayo. Chifukwa chake n'chakuti mfuti ikamalira pamatuluka maphokoso atatu osiyana, ndipo sailensa imalimbana ndi limodzi lokha.

Phokoso loyamba, lomwenso ndi lalikulu kuposa onse, limachokera ku mpweya. Kumbuyo kwa chipolopolo kumakhala wonga wotsekeredwa m'kachitini kamkuwa. Munthu akakoka chowombera, wonga uja umayaka m'kanthawi kochepa kwambiri n'kusanduka mpweya wotentha wosowa kopita. Mu mfuti yaikulu ya alenje, monga ya .308 Winchester, mpweyawu umapanikizika kuwirikiza ka 3,000 kapena kuposerapo poyerekeza ndi mpweya umene timapumawu. Mphamvu imeneyo ndiyo imakankha chipolopolo mumpope wa mfuti. Chipolopolo chikangotuluka, chotsekera chachoka, ndipo mpweya uja, womwe umakhala udakali wopanikizika kwambiri, umaphulikira panja nthawi imodzi n'kumenya mpweya wozungulira. Kugunda kumeneko n'kumene kumafika m'khutu ngati kuphulika.

Sailensa imagwira ntchito pamenepa. M'kati mwake muli timakoma tachitsulo tondondozana, kalikonse kobooka pakati kuti chipolopolo chidutse osakhudza. Timakomati timagawa paipiyo m'tizipinda. Mpweya ukatuluka mumpope umayamba wadzaza kachipinda koyamba, kumene umafutukuka, kuzungulira ndi kusiya kutentha kwake pa chitsulo, kenako n'kulowa kachiwiri, kachitatu, mpaka kunsonga. Pofika panja umakhala utazizirirako, mphamvu yake itatsika, ndipo umatuluka motsatizana osati nthawi imodzi. Nzeruyi si yatsopano. Hiram Percy Maxim wa ku America, mwana wa amene anapanga mfuti yachiwaya ya Maxim, analandira chiphaso cha umwini wa luso la sailensa mu 1909, ndipo anagwiritsanso ntchito mfundo yomweyo pochepetsa phokoso la mainjini.

Koma pali malire amene sailensa singawadumphe. Bowo lodutsa chipolopolo liyenera kukhalapo, ndipo pomwe chipolopolo chadutsa, mpweya nawo umadutsa. Kuti mpweya wonse uja ufutukuke mpaka kutheratu mphamvu pangafunike chitsulo chachikulu chosatheka kuchinyamula kunsonga kwa mfuti.

Phokoso lachiwiri limachokera ku chipolopolo chenichenicho chili m'ulendo. Mawu amayenda mumpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Chipolopolo cha .308 chimatuluka pa mamita oposa 800 pa sekondi, ndipo cha AK-47 pa mamita pafupifupi 715. Chinthu chikathamanga kuposa mawu, mpweya sukhala ndi mpata wopatuka, choncho umaunjikana kutsogolo kwake n'kupanga funde lakuthwa lomwe limamveka ngati kuthyoka. N'chimodzimodzi ndi chikwapu cha woyendetsa ngolo: kulira kwake kumabwera chifukwa nsonga yake yathamanga kuposa mawu, ngakhale isanakhudze ng'ombe. Phokosoli limapangika kunja kwa mfuti, njira yonse imene chipolopolo chikudutsa mothamanga chonchi, ndiye sailensa ilibe nalo chochita. Limachoka pokhapokha chipolopolo chikakhala choyenda pang'onopang'ono kuposa mawu, monga cha .45 ACP chimene chimayenda mamita pafupifupi 250 pa sekondi. Koma chipolopolo chotere sichifika patali ndipo chimagwa msanga, n'chifukwa chake mlenje wa nyama zazikulu sachidalira.

Phokoso lachitatu ndi la zitsulo za mfutiyo. Mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo china zimabweza chitsulo kumbuyo mwamphamvu, kutaya kachitini kopanda kanthu, n'kubwereranso kutsogolo. Potero zimatsegulanso khomo lina lotulukira mpweya, pafupi penipeni ndi khutu la wowombera. Mfuti zaing'ono zokhala ndi gudumu la zipolopolo zimataya mpweya pampata wa pakati pa gudumulo ndi mpope, choncho sailensa siithandiza kwenikweni pa mfuti zambiri za mtundu umenewu.

Tsopano tiike manambala pa mfuti ya mlenje ija. Phokoso limayezedwa m'madesibelo. Anthu akamacheza amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Makina odulira mitengo amafika cha m'ma 110. Mfuti ya .308 yopanda sailensa imalira cha m'ma 165. Sailensa yabwino imachotsa madesibelo a pakati pa 20 ndi 35. Tikachotsa 30 pa 165, patsala 135.

Munthu angaone ngati 30 ndi yochepa, koma madesibelo sawerengedwa ngati makwacha. Kutsika ndi madesibelo 10 kumatanthauza kuti mphamvu ya phokoso yachepa ka 10, ndipo kutsika ndi 30 kumatanthauza kuti yachepa ka 1,000. Sailensa yagwiradi ntchito yaikulu. Vuto ndi lakuti poyambira panali pamwamba kwambiri, moti chotsalacho chikuposabe patali makina odulira mitengo, ngakhale kuti chimamveka kwa kanthawi kochepa. Akatswiri a zaumoyo wa ogwira ntchito amaika malire a phokoso lophulika pa madesibelo 140, ndipo 135 ili pafupi kwambiri ndi malirewo. Mfuti ya mpope waufupi imatha kuwapitirira ngakhale ili ndi sailensa, chifukwa mpweya umatuluka usanathe mphamvu.

Wowombera watcheru amazindikiranso kuti kuwombera koyamba kumalira kwambiri kuposa kotsatira. Sailensa yozizira imakhala ndi mpweya wa okosijeni m'tizipinda take, ndipo zotsalira za wonga zimayakiranso momwemo. Mpweyawo ukatha, kulira kumatsikako. Akawombera kangapo motsatizana, chitsulocho chimatentha mpaka kuwotcha dzanja, chifukwa kutentha kumene chalanda ku mpweya kumatsalira mwa icho.

Mfuti zolira pang'onodi zinapangidwapo, koma zinachita kugonjetsa maphokoso onse atatu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a ku Britain anapanga mfuti ya De Lisle, yomwe inkagwiritsa ntchito chipolopolo choyenda pang'onopang'ono cha .45 ACP, sailensa yaikulu yokuta mpope, ndi chitsulo cholowetsera chipolopolo ndi dzanja. Zinapangidwa zochepa chabe, za asilikali a ntchito zapadera, ndipo nazo zinkamveka kwa munthu amene ali pafupi.

M'mayiko monga Finland, Norway ndi Britain alenje ambiri amaveka sailensa pa mfuti zawo movomerezeka ndi lamulo. Cholinga chawo n'kuteteza makutu awo ndi a agalu awo, kuchepetsa kukankha kwa mfuti paphewa, ndi kupewa kusokoneza anthu a m'midzi yoyandikana. Ku America chipangizochi chakhala chikulamulidwa ndi lamulo lapadera la mfuti kuyambira 1934.

Tinthu ting'onoting'ono tam'kati mwa khutu timene timatola mawu tikawonongeka sitimeranso. Khutu likamalira lokha kapena kumva ngati latsekeka pambuyo powombera, ndiye kuti phokoso linapyola muyezo. Choncho msilikali, wapolisi, mlonda wa nyama zakutchire kapena mlenje aliyense amene amaphunzira kuwombera azivala zotseka m'makutu nthawi zonse, kaya mfutiyo ili ndi sailensa kaya ilibe.