Mitengo Iwiri ya Golide

Wamalonda wa golide ku London satchula mtengo umodzi ayi. Amatchula iwiri: wotsika umene iye agulira, ndi wokwererapo umene agulitsira. Mpata wa pakati pa mitengoyi ndiwo phindu lake, ndiwonso chishango chake.

Tiyerekeze kuti mpatawo ndi masenti 50 pa aunsi imodzi. Akagula mtanda wa maaunsi 400, umene uli muyeso wa ku London, naugulitsa nthawi yomweyo, apindula madola 200. Koma ogula akasowa, mtandawo umamgonera m'manja. Ndipo mtengo ukagwa ndi madola 20 pa aunsi iye ali chidikirire, ataya madola 8,000. Palibe wanzeru amene angavomere kutchova juga yotere. Choncho msika ukachepa anthu, kapena ukagwidwa mantha, iye amatsitsa mtengo wogulira nakweza wogulitsira.

Izi zidaoneka poyera m'mwezi wa Malichi 2020. Kawirikawiri amalonda a ku London amadziteteza pa msika wa ku New York, kumene mapangano amafuna mitanda ya maaunsi 100. Kaamba ka mliri wa korona, mafakitale akuluakulu oyenga golide ku Ticino, m'dziko la Switzerland, adatsekedwa, ndege zambiri nazonso zidaleka kuuluka. Kusungunula mitanda ikuluikulu ndi kuiwolotsa nyanja kudavuta, mitengo ya m'mizinda iwiriyo idatalikirana, ndipo amalonda, posowa podzitchinjiriza, adakulitsa mpata uja. Golide analipo wambiri ndithu, koma anali kumalo kolakwika.