Kufunsa Mafunso Oti Mwana Aganize

Pa maphunziro a aphunzitsi atsopano pamakhala gawo la kafunsidwe ka mafunso m'kalasi. Gawoli limayamba ndi kusiyanitsa funso longofuna zimene mwana analoweza ndi funso loti agwiritse ntchito nzeru zake. Wophunzira uphunzitsi amatenga mafunso amene wakonzera phunziro lake n'kuwagawa pawiri, kenako amalembanso ena mwa oloweza aja kuti akhale ofuna kuganiza.

M'phunziro la zaulimi, funso lakuti "Kodi kukokoloka kwa nthaka n'chiyani?" angaliyankhe mwana aliyense amene anakopera zapabolodi, ngakhale sanamvetse kanthu. Likalembedwanso limakhala chonchi: "Alimi awiri ali ndi minda pamalo otsetsereka. Wina anaunda mizere yotsetsereka, wina yopingasa. Kwagwa mvula yamphamvu usiku. Ndi munda uti udzakhale ndi zigwembe, ndipo chifukwa chiyani?" Apa mwana ayenera kuona m'maganizo mwake mmene madzi akuthamangira m'makwalala ndi pamene akuima. Akayankha molakwa, mphunzitsi sathamangira kumukonza. Amamufunsa kuti, "Madziwo akafika pamzere woyamba alowera kuti?" ndipo nthawi zambiri mwanayo amadzikonza yekha.

Chovuta kwambiri ndi kudikira. Katswiri wa zamaphunziro wa ku America, Mary Budd Rowe, anaonetsa mu 1972 kuti aphunzitsi ambiri amangodikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesako, ngakhale aja osakonda kukweza mkono. N'chifukwa chake poyeserera kuphunzitsa, mnzake wa wophunzirayo amakhala kumbuyo n'kumawerenga masekondi, komanso kulemba amene aloza. Funso liyenera kubwera dzina la mwana lisanatchulidwe, chifukwa dzina likatsogola enawo amangopuma, poti mlanduwo si wawo.

M'kalasi ya ana ochuluka, monga zilili m'sukulu zambiri zapulayimale ku Malawi, mphunzitsi amakopeka ndi yankho la onse pamodzi. Akati, "Mizere yopingasa ndiyo yabwino, si choncho?" kalasi yonse imavomera kuti "Eee!" koma yankho analipereka kale ndi iyeyo. Gawoli limalimbikitsa kuti mwana aliyense ayambe waganiza payekha, kenako akambirane ndi mnzake woyandikana naye, ndipo pomaliza mphunzitsi aloze aliyense, wapatsogolo kaya wakumbuyo. Chizindikiro choti zikuyenda ndi pamene ana ayamba okha kunena kuti "chifukwa", kapena kutsutsana mwaulemu.

Mafunso oloweza satayidwa ayi. Mwana amene sadziwa tanthauzo la mawu akuti kupingasa sangayerekeze minda iwiri ija. Choncho mphunzitsi amayamba ndi mafunso ochepa otsimikizira mfundo, kenako n'kubweretsa funso limodzi kapena awiri ozama amene anawalemberatu pokonzekera phunziro.