Kakuro: Yambani ndi Masamu Amene Ali ndi Yankho Limodzi

Munthu akaona Kakuro koyamba m'nyuzipepala amaganiza kuti ndi masewera a akatswiri a masamu. Komatu masamu ake ndi kuwonkhetsa kokha, komwe mwana wa ku pulayimale amatha. Amene amamaliza msanga amadziwa poyambira, ndipo poyambirapo m'pophunzirika.

Masewerawa anayamba kutuluka ku America m'magazini a kampani ya Dell pa dzina la Cross Sums, koma anatchuka kwambiri ku Japan kudzera mwa kampani ya Nikoli, ndipo dzina la Kakuro linachokera kumeneko. Pa pepala pamakhala timabokosi toyera ndi takuda. Kabokosi kakuda kamadulidwa ndi mzere wopendekeka. Nambala ya pamwamba pa mzerewo ikunena zimene timabokosi toyera ta kumanja kwake tiyenera kukwana tikawonkhetsedwa, ndipo ya pansi ikunena za timabokosi totsika m'munsi mwake. M'kabokosi kalikonse mumalowa nambala imodzi, kuyambira 1 mpaka 9, ndipo nambala isabwerezedwe mumzere umodzi.

Lamulo losabwerezali ndi limene limatsegula khomo. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa 4 m'timabokosi tiwiri. 2 ndi 2 ndi woletsedwa, choncho patsala 1 ndi 3 basi. Mukapatsidwa 3, yankho ndi 1 ndi 2. Kumtunda nako zili chimodzimodzi: 17 m'timabokosi tiwiri ndi 8 ndi 9, pamene 16 ndi 7 ndi 9, popeza 8 ndi 8 saloledwa. M'timabokosi titatu, 6 ndi 1, 2, 3, ndipo 7 ndi 1, 2, 4. Kumtunda 24 ndi 7, 8, 9 ndipo 23 ndi 6, 8, 9. Masamu oterewa amakhala kumalekezero, pa chiwerengero chochepetsetsa kapena chachikulu kwambiri chimene timabokosito tingakwane, ndi choyandikana nacho. Pakati m'posokoneza: 10 m'timabokosi tiwiri angakhale 1 ndi 9, 2 ndi 8, 3 ndi 7, kapena 4 ndi 6. Ameneyo musiyeni kaye.

Simufunikanso kuloweza mbali zonse ziwiri. Mukadziwa ya m'munsi, chotsani nambala iliyonse pa 10 ndipo mupeza ya kumtunda: 1, 2, 4 amasanduka 9, 8, 6, amene ndi 23 uja.

Kudziwa manambala oti alowe sikukuuzani kabokosi ka aliyense. Chimene chimakuuzani ndi mphambano, pamene mzere wopingasa wakumana ndi wotsika. Taonani ngodya iyi. Mzere woyamba wopingasa uli ndi timabokosi tiwiri, ndipo akufuna 16. Kabokosi ka kumanzere kalinso mumzere wotsika wa timabokosi tiwiri wofuna 17. Wopingasa akuti 7 kapena 9, wotsika akuti 8 kapena 9, ndipo agwirizana pa 9 yekha. Lembani 9. Pomwepo kabokosi ka kumanja ndi 7, ndipo ka pansi pa 9 ndi 8.

Tsopano 7 uja ali pamutu pa mzere wotsika wa timabokosi titatu wofuna 24, kotero pansi pake patsala 8 ndi 9. Ayambe ndani? Kabokosi kachiwiri kali mumzere wopingasa umodzi ndi 8 amene mwalemba kale, ndiye 8 sangalowenso. Mulowa 9, ndipo 8 atsikira kwachitatu. Mzere wachiwiri wopingasawo ukakhala wa timabokosi titatu wofuna 23, muli kale ndi 8 ndi 9, choncho kotsalako ndi 6. Timabokosi 6 tadzaza popanda kungoganizira ngakhale kamodzi.

Mphambano imene ine ndimaikonda kwambiri ndi ya nambala yaikulu ndi yaing'ono. 7 m'timabokosi tiwiri ali ndi mayankho atatu: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Koma akadutsana ndi 23 wa timabokosi titatu, amene amangolandira 6, 8 kapena 9, pamphambanopo palowa 6 ndithu, ndipo mnzake ndi 1. Samu ya yankho limodzi yathetsa kukayika kwa inzake.

Ambiri amapunthwa poyang'ana nambala osawerenga timabokosi. 16 m'timabokosi tiwiri ndi 7 ndi 9, koma m'timabokosi tisanu ndi 1, 2, 3, 4, 6, ndipo m'titatu ali ndi mayankho ambirimbiri. Choncho werengani timabokosi musanalembe kanthu. Cholakwa chimaonekera mochedwa, pamene kabokosi kotsiriza mumzere kakufuna 0, 10, kapena nambala imene ilimo kale. Zikatero fufutani mpaka kufika pa nambala imene muli ndi chifukwa chake chenicheni, n'chifukwa chake ndi bwino kulemba ndi pensulo. Pamene simunatsimikize, monga 8 ndi 9 aja musanaone mzere wachiwiri, lembani onse awiri ang'onoang'ono pakona ya kabokosi, mpaka mzere wodutsapo uchotse mmodzi.