Maliki imodzi, mineti imodzi na hafu

Ku Kanyama, Matero na Chawama mungapeze mwana wa Giredi 12 amene wasiliza mapepala akale a ECZ mulu wonse, koma pa tsiku la mayeso nthawi imuthera akali pakati. Masamu awadziwa. Vuto ni lakuti kunyumba funso limodzi alipatsa ola lonse, apumulako, atumidwa ku kantemba, abwera apitiriza.

Tiyeni tiwerenge monga kondakita awerengera cenji. Pepala 2 ya Masamu ili na mamaki 100, ndipo nthawi yake ni maola awiri na hafu, kutanthauza mamineti 150. Ndiye kuti maliki imodzi igula mineti imodzi na hafu. Funso la mu Sekishoni B, la mamaki 12, ni mamineti 18.

Koma mukadya yonse conco, simutsala na nthawi yocekinga. Cepetsaniko: mineti imodzi na masekondi 20 pa maliki. Sekishoni A, ya mamaki 52, itenge mamineti 70. Mafunso anayi a mu B atenge 16 lililonse. Pamapeto patsala 16 yobwereranso pomwe munalumpha.

Manje muyeseni mwana pa Ciwelu m'mawa, kukali zii, mabaa asanatsegule nyimbo. Thebulo, pepala imene sanaionepo, kalikuleta, nkoloko patsogolo. Foni ikhale na amai, cifukwa mu mayeso siilowa. Palibe kunyamuka, palibe kusuzumira mayankho. Lamulo lina ni ili: akayamba funso lililonse, alembe nthawi m'mbali mwa pepala.

Manambala a m'mbaliwo ndiwo aulula wakuba. Tinene kuti mwana wa ku Mtendere wayamba 08:00. Afunika kucoka mu Sekishoni A pa 09:10, koma wacoka 09:25. Mukayang'ana, funso la mamaki 6, loyenera mamineti 8, linadya 23. Anakakamira pa kacigawo ka mamaki awiri, kufufuta na kuyambanso. Mamineti 15 amenewo ni pafupifupi funso lathunthu la mu B. Wataya mamaki 12 pothamangitsa awiri.

Apa osathamangira kumukalipira kuti ni waulesi. Onani pepala. Ngati pali pofufuta pambiri, ni kukakamira, ndipo mankhwala ake ni kuzolowera kusiya mpata na kupita patsogolo nthawi ya funso ikakwana. Ngati zonse zili bwino koma girafu inatenga mamineti 25, ni dzanja locedwa: ajambule magirafu okhaokha na nkoloko sabata yonse. Ngati pepala ili mbee ndipo mamineti anapita, mutuwo saudziwa. Pamenepo nkoloko siithandiza, abwerere ku buku kapena kwa aphunzitsi.

Palinso kamsampha ka kusankha. Ena ayamba funso mu B, afika pakati aona kuti lalimba, alisiya atenga lina. Mamineti awiri owerenga mafunso onse asanasankhe acotsedwe pa 16 ija yotsala.

Ciwelu cotsatira, pepala ina, nkoloko imodzimodzi, ndipo muike manambala a m'mbali pafupi na a sabata yatha.