Kudula kanema pa foni: poyambira pake ndi CapCut

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Wajambula kanema wa masekondi 40 woti aike pa stetasi ya WhatsApp, koma m'masekondi 6 oyambirira foni inkagwedera, ndipo chapakati wakabaza anadutsa kutsogolo kwa benchi n'kuphimba katundu yense. Kanema wotereyu sasowa zokometsera ayi. Amangofunika kumudula, ndipo ntchitoyo itha kugwirika pa foni yomweyo ndi CapCut, pulogalamu yotsitsa mwaulere ya kampani ya ByteDance, eni ake a TikTok.

Akatsegula pulogalamuyi, mayiyo amadina New project, n'kusankha kanema wake, kenako n'kudina Add. Sikirini imagawika pawiri. Kumwamba kumaoneka chithunzi, kumunsi kanema yense amayalidwa ngati lamba wa tizithunzi tondondozana. Pakati pa lambayo paima kamzere koyera. Oyamba kumene ambiri amalimbana nako kuti akasunthe, koma sikasuntha. Chimene chimayenda ndi lambayo, munthu akamamukoka ndi chala kumanzere kapena kumanja, ndipo pamene pali kamzereko ndi pamene mpeni udzadule.

Ndiye mayiyo amakoka lambayo mpaka nambala yosonyeza nthawi ifike pa 00:06. Amakhudza lambayo kamodzi, m'mbali mwake n'kuyera, kusonyeza kuti wasankhidwa. Pamzere wa zida womwe uli pansi penipeni amadina Split, ndipo kanema amaduka pawiri. Akatero amakhudza chidutswa chakumanzere, chogwedera chija, n'kudina Delete.

Wakabaza uja ndiye amafuna kudula kawiri, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Pa kanema woyamba anadutsa kuyambira pa sekondi 18 kufika 25, koma poti masekondi 6 achoka kale, tsopano ali pa 12 mpaka 19. N'chifukwa chake ndi bwino kukhulupirira maso kusiyana ndi manambala oloweza pamtima. Mayiyo amaika zala ziwiri pa lambayo n'kuzitambasula, lambayo amatalika, ndipo amatha kuyendetsa pang'onopang'ono mpaka pamene tayala lakutsogolo langotsala pang'ono kutulukira. Apo amadina Split. Amapitirira mpaka njinga itazimiririka, n'kudinanso Split. Chidutswa chapakaticho amachikhudza, n'kuonetsetsa kaye kuti m'mbali moyeramo mwazungulira icho osati chinzake, asanadine Delete. Zidutswa zotsalazo zimalumikizana zokha, ndipo pamatsala masekondi 27.

Akafufuta cholakwika, sizinaipe. Pansi pa chithunzi pali kamuvi kokhotera kumanzere, kamene kamabweza zimene munthu wangochita.

Cholumikiziracho chiyenera kuyesedwa ndi makutu. Ngati mayiyo ankalankhula, mpeni utha kugwera pakati pa liwu, "sauzande" n'kumveka "sauza". Zikatero amabweza n'kudulira pamene anapumira. Chithunzi chikadumpha pang'ono woonera sadandaula kwenikweni, koma mawu oduka amawamva nthawi yomweyo.

Mtengo ndi bwino ulembedwe pakanemapo, chifukwa anthu ambiri amaona stetasi ali m'minibasi, mawu atatseka. Amadina Text, kenako Add text, n'kulemba. Mawuwo amakhala ndi kalamba kawokawo pansi pa lamba wa kanema, ndipo amangooneka kwa masekondi ochepa pokhapokha atakoka nsonga yake kuti katalike. Pa chitenje cha maluwa ambiri, zilembo zoyera zokhala pa kabokosi kakuda n'zimene zimawerengeka. Zilembo zopotanapotana zimasowa m'maluwamo.

Kumapeto kwa lamba pulogalamuyi imakonda kuikako kachidutswa ka chizindikiro chake. Nakonso amangokakhudza n'kudina Delete.

Ulere wa CapCut uli ndi malire. Zokometsera zina zili ndi chizindikiro cha Pro, ndipo munthu atha kuziika bwinobwino, n'kudzauzidwa za kulipira akafuna kutulutsa kanemayo. Woyamba kumene angozilambalala.

Potulutsa, pakona yakumwamba kudzanja lamanja pali posankha kukula kwa chithunzi, pambali pa Export. Kanema wa pa stetasi 720p imamukwanira. WhatsApp imafinya kanema aliyense asanapite, choncho 1080p ingangodzaza foni n'kuchedwetsa ntchito. Akadina Export, mayiyo asatseke pulogalamuyo kapena kuzimitsa sikirini mpaka nambala ifike 100%.

Kanema watsopano amapezeka mu Gallery pambali pa wakale uja. Wakaleyo asafulumire kumufufuta pofuna malo, chifukwa ntchito yomwe ili mu CapCut imadalira iyeyo. Akachoka, zidutswa zija sizitsegukanso, ndipo mtengo wa chitenje ukadzasintha sabata yamawa, mayiyo sadzatha kungosintha nambala n'kutulutsanso.