Uthenga womwe unandibweretsera njuchi ndi ziwala

Achimwene anga amagwira ntchito ku Joni, ndipo Disembala aliyense amabwera ndi mphatso. Chaka choyamba ndinangowauza kuti, “Mundigulireko masewera abwino.” Anabwera ndi Monopoly. Tinasewera kamodzi, maola atatu, ndalama zanga zapepala zinatha msanga, ndinangokhala woonerera. Chaka chotsatira ndinati, “Ulendo uno oganiza.” Anabwera ndi Catan, yomwe imafuna anthu atatu kapena anayi, pomwe pakhomo timasewera awiri basi, ine ndi akazi anga. Mabokosi onse awiri anakwera pamwamba pa kabati.

Achimwene sanalakwe. Mawu oti “abwino” sawauza kanthu.

Ulendo wachitatu ndinakhala pansi n’kulemba uthenga wautali, ndipo dzina lililonse ndinalipatsa chifukwa chake. “Achimwene, bawo ndimaikonda chifukwa nkhomo zonse 64 zili poyera. Palibe chobisika, ndipo ndikadyedwa ndimadziwa pomwe ndinawerenga molakwika. Ludo imandinyansa chifukwa ndimadikira dayisi kuti indipatse 6. Pa Monopoly chimandipweteka n’kutuluka msanga, koma kunenerera mitengo kuja kunandisangalatsa. Tchesi ndimaikonda, kungoti imatalika, komanso amene analoweza mayendedwe oyambira amapambana tisanayambe n’komwe. Tilipo awiri, timasewera tikadya mgonero, osapitirira theka la ola.”

Za tchesizo ndiye zinagwira ntchito kwambiri. Masewera omwe umawakonda pang’ono n’kudana nawo pang’ono amaonetsa malire enieni kuposa omwe umangowatamanda. Ndikanangolemba kuti “ndimakonda bawo ndi tchesi”, bwenzi atandigulira bolodi lina la tchesi, lokongola bwino.

Iwo anaonetsa uthengawo kwa wogulitsa m’sitolo ya masewera. Akuti sanamalize n’kuwerenga komwe, anangotambasula dzanja n’kutsitsa Hive, yomwe John Yianni anatulutsa mu 2001.

Abale inu! Ilibe dayisi, ilibe ngakhale bolodi. Aliyense amatenga timatailosi 11: mfumukazi ya njuchi imodzi, akangaude awiri, zikumbu ziwiri, ziwala zitatu ndi nyerere zitatu. Cholinga n’kuzinga njuchi ya mnzako mbali zonse zisanu ndi imodzi. Chiwala chimadumpha mzere wonse, chikumbu chimakwera pamsana pa chinzake n’kuchipanikiza, nyerere imathamanga kuzungulira gulu lonse mmene ikufunira. Zonse zili poyera ngati bawo, ndipo mphindi 20 zimakwana.

Kunenerera mitengo kokha ndi komwe mulibe, ndipo wogulitsayo anachita kunena yekha kuti zimenezo tikazipeze kwina.

Usiku woyamba tinasewera kasanu ndi kawiri. Magetsi atazima tinayatsa kandulo n’kupitiriza. Akazi anga anazinga njuchi yanga ndi chikumbu chomwe sindinachione chikubwera, n’kulumpha ndi nthungululu mpaka agalu apaneba anauwa. Ine ndinali nditayamba kale kusanja timatailosi kuti tibwereze.